Pamaso amanditchula mng'ono wawo, kuseri akundinenera kwa abwana

Nambewe_wa_Chirimba
Abale ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima. Ndimagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira chakufupi ndi Ginnery Corner. Olemba makotesheni tilipo awiri, ine ndi mayi ena amene ndinawapeza pomwepo. Mayiwa pamaso ndi munthu wabwino zedi. Amanditchula kuti mng'ono wanga, masana timadya limodzi, tili m'chipereganyu chimodzi, ndipo apongozi anga atamwalira anabwera mpaka ku Thyolo n'kugona pasiwa.

Mwezi wathawu mtengo wa malata unakwera pakati pa sabata. Kwathu pepala la mitengo limatuluka Lolemba, ndiye zikasintha pakati abwana amangonena pakamwa. Tsikulo ine ndinali ku banki, abwana anauza mayiwa kuti andiuze. Sanandiuze. Masana kunabwera kontilakitala wa ku Machinjiri, ndinamulembera malata 200 pa mtengo wakale, analipira, katundu n'kutuluka. Kusiyana kwake kunali K1,500 pa lata limodzi, ndiye kuti K300,000 yonse. Abwana atatiitana, mayi aja anati, "Komatu ndinakuuzani mng'ono wanga, mwina munali ndi zambiri m'mutu," uku akundisisita paphewa. Ndinasowa chonena.

Tsopano dalaivala wathu wandinong'oneza kuti mayiwa amauza abwana kuti ine ndimathawa pantchito kukagulitsa zitenje ku Limbe. Nditayang'ana m'buku la komishoni ndapezanso kuti makasitomala awiri amene ndinawabweretsa ndine alembedwa pa dzina lawo. Abwana akuti ndalama ya malata ija aziidula pa malipiro anga, ndipo kalata ya chenjezo ikubwera. Mawa m'mawa mayiwa andilonjeranso mwansangala ngati palibe chachitika. Nditani?

Mfana_wa_Ndix
Asisi musachedwe. Mawa pa miting'i ya m'mawa imirirani muwafunse pamaso pa aliyense. Nthirakuwiri amaopa gulu.

Mai_a_Mvano
Pepani mwana wanga, zimapweteka zimenezi makamaka munthu amene munalira naye maliro. Ine ndikuti musayankhe kanthu. Gwirani ntchito yanu molimbika, muziwapempherera, choona chidzaoneka chokha. Ntchito ikusowa m'tauni muno, musaitaye chifukwa cha mkwiyo.

Mfana_wa_Ndix
Amayi, choona chidzaoneka K300,000 atadula kale. Lendi ku Chirimba alipira ndi chiyani?

Kalaliki_Wakale
Mayi Nambewe, ndinagwira ntchito yoona za antchito zaka zambiri ku Makata ndisanapume, ndiye nkhani ngati yanuyi ndaimvapo kuchokera kumpando winawo. Choyamba, mwatiuza zinthu zitatu ndipo sizilemera mofanana. Nkhani ya zitenje ndi mijedo, mwaimva kwa munthu wina, simungaitsimikize. Imeneyo ikani kaye pambali ngakhale ndi imene ikukuwawani kwambiri. Nkhani ya mtengo wa malata ndi ya buku la komishoni ndi nkhani za ntchito, zili ndi masiku ake, zili ndi mapepala. Mphamvu zanu zonse zipite pa ziwiri zimenezi.

Pa malata, musalimbane n'kuti anakuuzani kapena sanakuuzeni. Pamenepo ndi mawu anu ndi mawu awo basi, ndipo iwo akhalitsa pakampanipo kuposa inu. Funso labwino ndi lakuti, kodi mtengo watsopanowo unalembedwa pati nthawi imene munkalemba kotesheni? Ngati pepala lomwe linali pa tebulo panu ndi la Lolemba lija, ndipo palibe meseji kapena kalata yosintha, ndiye kuti munalemba mtengo womwe kampani inakupatsani. Lipezeni pepala limenelo mawa lomwe, mulijambule pa foni, mujambulenso kotesheniyo ndi risiti yosonyeza tsiku. Ngati silipi ya ku banki ili ndi nthawi, ijambuleninso, ikusonyeza kuti abwana polengeza inu munalibe.

Pa komishoni chitani chimodzimodzi. Makasitomala awiriwo kotesheni yawo yoyamba analemba ndani? Ngati ili ndi dzanja lanu kapena dzina lanu, umboni ndi umenewo. Musanene kaye kuti anakuberani. Mwina wolemba bukulo ndi wina ndipo anangouzidwa.

Nambewe_wa_Chirimba
Zikomo bambo. Pepala la Lolemba lija ndili nalo mu diroo. Buku la komishoni amalemba ndi mnyamata wa ku akaunti, amalemba zomwe tamuuza kumapeto kwa mwezi. Mwezi wathawu ndinali pa tchuthi cha maliro aja, ndiye anamuuza ndi mayiwa.

Mfana_wa_Ndix
Anabwera kumaliro kudzalira, n'kubwerera kukalembetsa makasitomala anu? Ayi ndithu, anthu ena mtima alibe.

Chidzukulu_cha_Lomwe
Ine ndifunseko mosakondera. Dalaivalayo mumamudziwa bwanji? Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Bwanji ngati nayenso ali ndi chifukwa ndi mayiwo? Kwathu kuofesi kunali mlonda amene ankauza uyu kuti uja akukunena, n'kupitanso kwa uja kukanena zomwezo. Anthu awiri anakhala chaka osalankhulana, mlondayo akulandira ya tiyi mbali zonse.

Dalaivala_wa_Lole
Mwayamba kale kukayikira dalaivala. Ife timamva zambiri chifukwa mabwana akakwera galimoto amaiwala kuti kutsogoloku kuli munthu wa makutu. Amalankhula pa foni chilichonse. Koma pempho langa kwa achemwali a Nambewe ndi limodzi: dzina la dalaivalayo lisatuluke pakamwa panu, kaya kwa mayiwo kaya kwa abwana. Inu muli ndi kontilakiti ndi mapepala a kusukulu. Iye akangodziwika kuti amatulutsa za m'galimoto, mwezi sutha, amupezera chifukwa cha mafuta n'kumuchotsa. Wakuthandizani, musamulipire ndi ulova.

Nambewe_wa_Chirimba
Ndamva achimwene, sindimutchula. A Chidzukulu, funso lanu ndi labwino, koma chimene chikundipangitsa kumukhulupirira n'chakuti nkhani ya zitenje ndinauza munthu mmodzi yekha pakampani ponse. Zitenjezo amagulitsa ndi mchemwali wanga mumsika wa Limbe, ine ndinangoikamo mpamba, ndipo ndimapitako Loweruka masana tikaweruka. Dalaivala sakanazidziwa popanda kuzimva kwa wina.

Chidzukulu_cha_Lomwe
Apo ndiye zamveka. Komabe zikungosonyeza kuti mayiwo anaulula za zitenje. Zoti "amathawa pantchito" mwina anawonjezera ndi abwana kapena dalaivala. Nkhani ikadutsa pakamwa patatu imanenepa.

Bambo_a_Tadala
Ine mmene ndaimvera nkhaniyi, mayiwa akufuna amuna anu. Kubwera mpaka ku Thyolo kumaliro a apongozi? Yang'anani foni ya abambo kunyumbako.

Nambewe_wa_Chirimba
Ayi bambo, amuna anga sakukhudzidwa. Anaonana tsiku la maliro lomwelo basi. Nkhaniyi ndi ya kuntchito.

Nesi_wa_Usiku
Zinandichitikirapo pa chipatala china mumzinda muno. Mnzanga amene tinkasinthana naye mashifiti ankandiuza pakamwa kuti odwala onse alandira mankhwala, m'mawa kwa asisita n'kukanena kuti ine ndinadumphitsa wodwala wa pa bedi lakumapeto. Tikakumana pa geti ankandikumbatira. Chimene chinandipulumutsa ndi buku losiyirana ntchito. Ndinayamba kukana kulandira wodi ndi pakamwa. Ndinkati, "Asisi tiyeni tilembe, mutu wangawu suchedwa kuiwala usiku," ndiye tinkayenda bedi ndi bedi, iye n'kusaina, ine n'kusaina. Sindinamunene kuti ndi wabodza ngakhale tsiku limodzi. Mabodza anatha chifukwa analibenso polowera. Koma dziwani kuti chikondi chija chinatheranso pomwepo, anayamba kundiyankha mokhadzula, ndipo anakapempha kuti asinthidwe wodi.

Ndiye kwa inu, uthenga wa ntchito usamadutsenso mwa iwo. Chilichonse chimene akuuzani kuti "abwana akuti", tumizani meseji kwa abwana nthawi yomweyo: "Bwana, ndamva kuti simenti yakwera kufika pakuti, nditsimikizireni ndisanalembe kotesheni." Ndipo m'mawa uliwonse musanalembere kasitomala woyamba, funsani pa meseji ngati pali mtengo wasintha.

Kapitawo_wa_ku_Maselema
Ndilankhuleko ngati munthu amene amayang'anira anzake. Anthu obweretsa nkhani kuofesi kwanga ndimawadziwa, ndipo kunena zoona poyamba amakoma, chifukwa bwana aliyense amafuna kudziwa zomwe zikuchitika iye kulibe. Sabwera ngati odana nawe ayi. Amati, "Bwana, mwana uja ndimamukonda ngati mng'ono wanga, koma ndikuda naye nkhawa, masiku ano maganizo ake ali ku geni." Bwana amamva ngati ndi chifundo. N'chifukwa chake malangizo a Mfana_wa_Ndix ndi oopsa. Mukakalipa pa miting'i, mayiwo angogwetsa misozi n'kunena kuti "ine ndimangomuthandiza", ndipo aliyense aona inu ngati wamwano.

Munthu akabwera kwa ine n'kunena kuti "uje amandida", ndilibe chochita nazo, ndimangoti pitani mukagwirizane. Koma akabwera n'kunena kuti "bwana, tataya K300,000 chifukwa mitengo imayenda pakamwa, bwanji izilembedwa pa gulu la WhatsApp la ofesi", ameneyo ndimamumvera, chifukwa akundithandiza kuti ndisatayenso ndalama. Pitani ndi vuto la kayendetsedwe ka ntchito pamodzi ndi njira yolikonzera. Dzina la mayiwo abwana alifikira okha.

Chinanso, abwana anuwo akukuonani kudzera m'maso a mayiwo chifukwa inu simuoneka. Lachisanu lililonse muziwatumizira kalipoti kakafupi: makotesheni omwe mwalemba, omwe asanduka malonda, makasitomala atsopano ndi mayina awo. Mizere isanu yakwana. Munthu amene amathawira ku Limbe sangakhale ndi manambala amenewo, ndipo buku la komishoni silingasinthenso mwakachetechete.

Mfana_wa_Ndix
Ndiye wolakwa azingodya nsima mwamtendere, wolakwiridwa ndi amene azilemba malipoti? Chilungamo chake chili pati pamenepa?

Kapitawo_wa_ku_Maselema
Palibe amene wati n'chilungamo, achimwene. Tikufuna mayi Nambewe akhalebe pantchito ndi malipiro athunthu.

Gogo_wa_Chilomoni
Ana inu mukulankhula za mapepala, koma munthu wodya naye mbale imodzi ndi woopsa. Lekani kudya chakudya chake. Anthu amathira zinthu kuti abwana akuoneni ngati chinyansi. Ndikudziwa munthu ku Mulanje amene angakutchinjirizeni.

Mai_a_Mvano
Agogo ayi, musamutengere mwanayu kwa asing'anga. Ali kale ndi ngongole ya malata, akawonjezerenso ya mbuzi ndi nkhuku?

Gogo_wa_Chilomoni
Inu a Mvano mumakana masana, usiku timakumana nanu konko.

Mai_a_Mvano
Ine simunandionepo ndipo simudzandiona. Koma pa zoti achepetse kudya nawo limodzi ndikugwirizana nanu, osati chifukwa cha mankhwala, koma chifukwa pa nsima m'pamene munthu amamasuka n'kuulula za kumtima.

Shoferi_Bangwe
Mwatchula chipereganyu, ine pamenepo m'pamene pandiopsa. Ndani walandira kale pakati pa inu ndi iwo? Chathu cha pa siteji chinatha chaka chatha chifukwa awiri anayambana, amene anali atalandira kale anangosiya kuponya. Mpaka lero ndalama yanga sinabwere.

Nachisale_Zingwangwa
N'chifukwa chake ine chipereganyu cha kuntchito ndinasiya, bola banki m'khonde ya kumudzi kuno, ili ndi malamulo olemba ndi chindapusa. Kuntchito munthu akachotsedwa mumutsata kuti?

Shoferi_Bangwe
Banki m'khonde nayonso anthu amathawa nayo. Kwathu msungichuma anasamukira ku Lunzu usiku.

Nambewe_wa_Chirimba
Iwo analandira kale, ine ndilandira mwezi wa mawa. Ndiye sindingatulukemo panopa. Koma tibwerere ku kalata ija abale, ikabwera ndisaine kapena ndikane? Nanga zodula malipirozi n'zololedwa?

Mfana_wa_Ndix
Osasaina! Ukasaina ndiye kuti wavomera mlandu.

Kalaliki_Wakale
Apa mnyamata wanga walondola theka. N'zoona kuti simuyenera kusaina chikalata chonena kuti "ndikuvomera kuti ndinalakwa ndipo mundidule". Koma kukana kulandira kalata ya chenjezo sikuifafaniza. Amangoitana mboni n'kulemba kuti anakana kusaina, kalatayo n'kulowa mu fayilo yanu popanda mawu anu ngakhale amodzi. Njira yabwino ndi kuiwerenga modekha, n'kulemba pamwamba pa siginecha yanu kuti "Ndalandira, koma sindikugwirizana ndi zomwe zalembedwa, yankho langa likutsatira", kenako tsiku. Pemphani kope yanu. Yankholo lembani pasanathe masiku awiri kapena atatu, tsamba limodzi, lopanda mawu okalipa: tsiku lakuti ndinali ku banki kuyambira nthawi yakuti, pepala la mitengo lomwe linalipo ndi ili, sindinalandire uthenga wosintha, ndinalemba kotesheni nambala yakuti motsatira pepalalo. Mawu akuti nsanje, kaduka kapena bodza asapezekemo. Mupemphe kuti yankholo aliike mu fayilo pamodzi ndi kalatayo, inu musunge kope kunyumba, osati mu diroo ya kuofesi.

Chifukwa chake ndi ichi. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, gawo 57, limati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanamuchotse pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito ayenera kupatsidwa mpata woyankhapo. Makalata a chenjezo ndi amene bwana amadzaonetsa tsiku limenelo kuti chifukwa chinalipo. Kalata yomwe ili ndi yankho lanu kumbuyo kwake ilibe mphamvu ngati yomwe munangoilandira n'kukhala chete.

Za kudula malipiro, gawo 56 la lamulo lomweli limalola bwana kupereka chenjezo lolemba, kuimitsa munthu kapena kumutsitsa udindo ngati pali chifukwa chokwanira, koma limaletsa kulipiritsa wantchito faindi ngati chilango. Limalola kudula ndalama yolipira katundu amene wantchito wawononga. Inu simunaswe lata ngakhale limodzi, munagulitsa pa mtengo umene unali pa pepala la kampani. Mmene ndikuonera ine, abwana anu pamenepa aponda pofewa, koma iwo anganene kuti kampani yataya ndalama chifukwa cha inu, ndiye ndi nkhani yoti akaiunike a ku leba. Mukhoza kupita ku ofesi ya leba ya boma la Blantyre kukafunsa ngakhale musanachotsedwe ntchito, tengani kontilakiti ndi mapepala a malipiro. Zikakanika kumeneko m'pamene nkhani imapita ku khoti la milandu ya apantchito. Ndipo Mulungu aletse, zitafika pochotsedwa, dandaulo ku leba limayenera kukafika pasanathe miyezi 3.

Nachisale_Zingwangwa
Bambo Kalaliki, zonsezo ndi zoona pa pepala. Koma makampani a m'tauni muno ukangotchula leba, bwana amakuika chizindikiro. Mlamu wanga anawina mlandu patapita zaka, ntchito inali itapita kalekale, ana atasiya sukulu yolipira.

Kalaliki_Wakale
Simukunama mayi. N'chifukwa chake sindinati akaopseze abwana ndi leba. Akafunse mwakachetechete kuti adziwe pomwe aima, pakamwa pawo kuofesi mawu amenewo asatuluke pokhapokha ndalama itadulidwadi.

Mai_a_Mvano
Nanga mayiwo osawafunsa n'komwe? Ine ndinati akhale chete pagulu, koma pawiri n'kofunika kulankhulana. Mwina pali chomwe anawalakwira osadziwa.

Nesi_wa_Usiku
Ine ndikukayika amayi. Munthu amene anakusisita paphewa uku akunama pamaso pa abwana, ukamufunsa pawiri angokana, kenako athamangira kwa abwana kuti "wandiopseza".

Kalaliki_Wakale
Awiri nonse muli ndi mfundo. Kulankhula nawo kulipo, koma kamodzi, ndipo pa chinthu chimene mwachiona ndi maso anu. Osati "ndamva kuti mumandinena", chifukwa funso lotsatira likhala "wakuuza ndani", ndiye dalaivala wapsa. Nenani za buku: "Amayi, makasitomala awiriwa alembedwa kwa inu koma makotesheni awo oyamba ndi awa, ndinalemba ndine. Tiyeni tipite limodzi ku akaunti tikakonzetse." Mwawapatsa khomo lotulukira mosachita manyazi, akhoza kunena kuti kunali kulakwitsa. Musayembekezere kupepesa. Chomwe mukufuna n'chakuti adziwe kuti tsopano mukuona ndipo mukusunga mapepala.

Nambewe_wa_Chirimba
Ndabweranso abale kudzakuuzani mmene zayendera. Ndinayamba ndi buku la komishoni monga ananenera bambo Kalaliki. Ndinadikira anthu atapita kukadya, ndinaika makotesheni awiri aja pa tebulo pawo. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka n'kunena kuti, "Iii mng'ono wanga, nkhani yaing'ono ngati imeneyi mpaka mapepala? Ndinangofuna kuti komishoni isapite pachabe inu muli kumaliro." Ndinati zikomo, tiyeni tikakonzetse. Tinapita, mnyamata wa ku akaunti anabweza kasitomala mmodzi. Winayo akuti poti oda yachiwiri anaitumikira ndi iwo ine kulibe, tigawana pakati. Ndavomera.

Kwa abwana ndinapita ndi pepala la Lolemba ndi silipi ya ku banki. Sindinatchule mayiwo. Ndinapempha kuti mitengo ikasintha izilembedwa pa gulu la ofesi. Anakhala chete, kenako anati ndi nzeru yabwino, ndipo ayamba kale kutero. Kalata ya chenjezo anandipatsabe, akuti ndinayenera kufunsa poti aliyense amadziwa kuti mitengo ikusinthasintha. Ndinasaina mmene munandiuzira ndipo yankho ndapereka. Za kudula malipiro sanazitchulenso, koma sananenenso kuti zatha, ndiye ndikudikira kutha kwa mwezi.

Mayi aja akundilonjerabe, dzulo anandibweretsera zitumbuwa. Ndinalandira, ndinathokoza, tinacheza za mvula ndi za mzere wa minibasi ku Mibawa. Za kunyumba kwanga sindikuwauzanso. Koma ndisaname, mtima ukundiwawa, chifukwa ndinkawatenga ngati mkulu wanga weniweni.

Mfana_wa_Ndix
Theka la komishoni yanu mwawasiyira, kalata mwalandira, zitumbuwa mwadya. Ine sindikuona pomwe mwawina asisi.

Kapitawo_wa_ku_Maselema
Mitengo sikudutsanso mwa mayiwo, ndipo abwana aona silipi yosonyeza kuti mayi Nambewe kunalibe. Bwana savomera pamaso pa wantchito kuti njira yake ndi imene inali yolakwika, kalatayo mwina waipereka kuti asaoneke wogonja. Muone kumapeto kwa mwezi. Akapanda kudula, dziwani kuti wamva.

Chidzukulu_cha_Lomwe
Ine ndikuonabe kuti vuto lalikulu ndi abwanawo. Anthu awiri kulimbirana komishoni ya makasitomala omwewo popanda lamulo loti kasitomala ndi wa ndani, mukuyembekezera chiyani? Ngakhale mayiwo atachoka mawa, wobwerayo adzachita zomwezo. Pemphani kuti zilembedwe: kasitomala ndi wa amene anamubweretsa, kapena ndi wa amene watumikira oda?

Kalaliki_Wakale
Mfundo yabwino, koma osati mwezi uno. Apempha kale chinthu chimodzi ndipo chatheka. Akabweranso ndi china kalata isanazizire, aoneka ngati akuphunzitsa abwana ntchito. Adikire malipiro atuluke, malipoti a Lachisanu achuluke, kenako adzaitchule pa miting'i ngati nkhani ya onse awiri. Mayi Nambewe, funsaninso ngati kalatayo ili ndi nthawi yothera. Makampani ambiri amalemba m'malamulo awo kuti chenjezo limagwira ntchito miyezi yakuti, ikatha silingawerengedwenso. Onani m'buku la malamulo a kampani yanu.

Dalaivala_wa_Lole
Nanga mnzathu uja ali bwino?

Nambewe_wa_Chirimba
Ali bwino achimwene, palibe akumuganizira. Koma pali china. Pabwera mtsikana watsopano wolandira alendo, wangomaliza kumene sukulu. Mayi aja ayamba kudya naye masana, akumutchula kuti mwana wanga, ndipo ndamumva akuwafotokozera za chibwenzi chake ndi za ngongole yomwe ali nayo. Ndimuchenjeze?

Mai_a_Mvano
Muchenjezeni mwana wa eni ake. Mukanakonda wina akanakutsinani khutu inuyo poyamba paja.

Nesi_wa_Usiku
Ayi amayi. Mtsikanayo panopa akuwaona mayiwo ngati mngelo. Mawu aliwonse amene a Nambewe anene akafika kwa mayiwo tsiku lomwelo, ndipo mawa kwa abwana zikamveka kuti Nambewe ndi amene akudya anzake miseche. Akhala kuti wachita zomwezo zimene akudandaula.

Kapitawo_wa_ku_Maselema
Muuzeni za ntchito zokha, osatchula munthu: uthenga wa abwana azitsimikiza pa meseji, za ngongole azisiya pa geti. Zimenezo mukhoza kuuza wantchito watsopano aliyense mayiwo ali pomwepo.

Mai_a_Mvano
Mwana wa zaka zimenezo sangamve zokuluwika, a Kapitawo. Angoti zikomo n'kubwerera kukapitiriza nkhani ya chibwenzi ija.